Chitenje cha K100 kapena cha K90?

Tiyerekeze mayi wogulitsa zitenje ku Kamwala, m'Lusaka, amaoda chitenje chimodzi pa K60. Lendi ndi malipiro a wantchito zimadya K6,000 pamwezi, agulitse asagulitse. Iwo akufuna phindu la K4,000, choncho malonda ayenera kusiya K10,000 pamwezi akachotsa ndalama zoodera.

Akagulitsa pa K100, chitenje chilichonse chimasiya K40, kutanthauza 40 peresenti ya mtengo wogulitsira. Kuti adziwe malonda ofunika, agawe K10,000 ija ndi gawo lotsalali: 10,000 ÷ 0.40 = K25,000. Zimenezo ndi zitenje 250.

Koma woyandikana nawo akatsitsa mtengo, mayiwo angakopeke kugulitsa pa K90. Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika. Mtengo watsika ndi 10 peresenti yokha, koma kooda sikunasinthe, ndiye K10 yonseyo yachoka pa K40 ija. Yotsala ndi K30, gawo limodzi mwa magawo atatu a K90. Tsopano malonda ayenera kufika K30,000, zitenje 334. Akagulitsa 250 zomwe zija, phindu limagwa kufika K1,500, ngakhale ndalama zolowa m'thumba, K22,500, zikuonekabe zambiri.

Ine ndingakhale pa K100, pokhapokha mayiwo ali otsimikiza kuti K90 ibweretsa zitenje zina 84 pamwezi. Aonenso ngati kooda angawachotsereko potenga katundu wambiri, chifukwa K60 ikasintha, gawo lija liwerengedwenso.