Chojambulira mawu changa patatha miyezi isanu ndi itatu

"Achimwene, kodi kamakina kanu kaja kamagwira bwino mawu pamalo aphokoso, kapena ndingodalira foni?"

Mchemwali, funso lanu landipeza ndikulimbana ndi mawu omwe ndinajambula ku Chinamwali, choncho ndiyankha mosabisa. Mabatire awiri a AAA amanditengera masiku angapo, ndipo kusamutsa mafayilo kupita pa kompyuta sikunandivutepo.

Vuto lomwe silinathe ndi lakuti makinawa amadzikwezera okha mphamvu yomvera, chomwe pa menyu chalembedwa `Auto`. Munthu akasiya kuyankhula kuti apume, makina amaganiza kuti mawu achepa, ndiye amakweza chilichonse chomwe chikumveka m'chipindamo. Mu Januwale ndinacheza ndi mayi wina wogulitsa matemba a ku Chilwa m'tiyirumu yofolera malata, mvula ikugwa, wailesi ikulira. Ndinaika makina patebulo, pafupifupi mita imodzi kuchoka pomwe anakhala. Nditamvetsera madzulo, ndinapeza kuti nthawi iliyonse mayiwo akapuma, mvula imakwera ngati mtsinje wa Likangala utadzaza, ndipo mawu oyamba a chiganizo chotsatira amamira. Batani la `Low Cut` limachotsa kugunda kwa jenereta kapena kwa galimoto, koma silichotsa mawu a anthu ena, chifukwa mawu awo ndi ofanana ndi a munthu amene mukucheza naye.

Chomwe chinathandiza ndi mtunda. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mawu a woyankhula amakwera ndi madesibelo pafupifupi 6, womwe ndi muyeso wa kukula kwa mawu, pamene phokoso la chipinda limakhala momwemo. Tsopano ndimazimitsa `Auto`, ndimagwira makina pa masentimita 20 kuchoka pakamwa, ndimavala mahedifoni, ndipo ndimajambula mu `WAV`, mtundu wa fayilo wosunga mawu osawapanikiza, ngakhale kuti mphindi imodzi imadya pafupifupi 10 MB.

Mapulogalamu osandutsa mawu kukhala zolemba anandikhumudwitsa kwambiri. Pa Chingerezi chojambulidwa pafupi amachita bwino, koma munthu akasakaniza ndi Chichewa, monga timayankhulira tonsefe, amalemba mawu a Chingerezi omwe sananenedwe, ndipo mtolankhani wosasamala akhoza kuika bodza m'kamwa mwa munthu. Pulogalamu yomwe ndinayesa inkalipiritsa m'madola pamwezi, kuwonjezera pa bandulo yotumizira mafayilo. Ndinaisiya, ndipo ola limodzi la Chichewa limanditengera maola anayi kapena asanu kulemba pamanja.

Wogulitsa wa ku Limbe ndiye anandipweteka mtima. Anandigulitsa kamaikolofoni kopanira pakolala komwe pulagi yake ili ndi mizere itatu yakuda, yoyenera foni, pamene makina anga amafuna ya mizere iwiri. Anakana kubweza ndalama, ndipo adaputala anandipatsa nditapitako kachiwiri, thiransipoti ya Zomba ndi Limbe ili yanga. Zonse pamodzi zinandidyera ndalama zokwana lendi ya miyezi iwiri ku Chikanda. Mawu akatuluka bwino ndimaona kuti sindinataye ndalama, koma inu yambani mwagula kamaikolofoni koteroko ka foni yanu, ndipo mukayesere m'sitolo momwemo musanalipire.