Kukumana koyamba m'thumba muli mopepuka: muyende limodzi kapena mukhale pa tebulo?

Kanema ndimuchotseretu. Filimu imatenga mphindi 90 mpaka 120, ndipo nthawi yonseyo muli mumdima, maso kutsogolo, kukamwa kuli chete. Mwalipira matikiti awiri kuti musalankhulane. Chakudya chamadzulo ku lesitilanti nachonso chidikire tsiku lina. Mukangoitanitsa mbale ndiye kuti mwamangika kwa ola ndi theka ngakhale zitaoneka msanga kuti simukugwirizana, komanso bilu imabwera kumapeto, pamene palibe chomwe mungabweze.

Zolimbana zenizeni ndi ziwiri: kuyenda limodzi pamalo odutsa anthu ngati kupaki, ndi kukhala pa tebulo n'kumamwa tiyi kapena khofi.

Ubwino wa tebulo ndi woti mumamuona munthu kumaso. Mumaona mmene amasekera, komanso ngati akumvetsera kapena akungodikira kuti mumalize. Mvula ndi dzuwa sizikukhudzani. Koma kuyang'anizana komweko n'kumene kumavuta. Nkhani ikaduka kwa masekondi 10 okha, mumamva ngati papita chaka, ndipo wina amayamba kufunsa mafunso motsatizana ngati akulemba munthu ntchito: mumagwira kuti, kwanu muli angati, mumakonda chiyani. Mukaona kuti mayankho ayamba kukhala a liwu limodzi, manja akusaka foni, dziwani kuti tebulo lakupanikizani. Mankhwala ake ndi osavuta. Musakhale moyang'anizana ndendende, khalani pakona, wina mbali iyi wina mbali yoyandikana nayo, kuti maso akhale ndi kothawira popanda kuoneka ngati mukuzembana.

Phokoso muliyeseretu. Pitani pamalowo tsiku lina pa ola lomwelo. Ngati simungamvane ndi wogulitsa ali pafupi kufikira ndi mkono pokhapokha mutakweza mawu, pamenepo simudzachezapo. Sankhaninso malo olipira poitanitsa, osati pochoka. Mukatero mumadziwa pomwepo kuti mwawononga zingati, ndipo palibe kuyang'anizana mwamanyazi kapepala kakabwera.

Kuyenda sikufuna ndalama, koma si chifukwa chake ndimakukonda. Mukamayenda mbali ndi mbali, kukhala chete sikuchititsa manyazi, chifukwa miyendo ikugwira ntchito ndipo maso ali ndi zoti aziona. Njira yomweyo imakupatsani nkhani: galu wokana kuyenda, ana akukanganirana mpira, nyumba yopaka utoto wodabwitsa. Funso lomwe pa tebulo likanamveka lolemera, poyenda limatuluka lokha.

Komabe kuyenda kumasokonekera mosavuta kuposa tebulo. Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinangonena kuti "tikumane tiyende pang'ono", osatchula kutalika kwake. Mnzanga anabwera atatchena, nsapato zatsopano, ndipo tisanathe kilomita imodzi anali akutsimphina, chidendene chitatupa. Nkhani yonse inasanduka ya nsapato. Cholakwa chinali changa. Munthu muuzenitu kuti muyenda mphindi zingati komanso pansi pake m'potani. Njira ikhale yotakata mokwana anthu awiri, chifukwa pakanjira kopapatiza wina amatsogola ndipo mumayamba kulankhula ndi msana. Chitunda chachikulu chimadula mpweya, ndipo munthu wawefuwefu sacheza. Malo akhale odutsa anthu, kukadali kowala. Aliyense abwere yekha, adzabwerere yekha, ndipo auzeko m'bale kapena mnzake komwe wapita. Munthu amene simunazolowerane naye samasuka pamalo a zii, ngakhale malowo atakongola bwanji.

Nditati ndisankhe chimodzi, ndingatenge kuyenda kwa anthu amanyazi, tebulo kwa omwe anazolowerana kale polemberana. Koma chomwe chimandiyendera bwino ndi kuzilumikiza, kuyenda kukhale koyamba. Mwachitsanzo, dzuwa likamalowa 6 koloko, kumanani 3 koloko. Anthu ocheza amayenda pang'onopang'ono, pafupifupi makilomita atatu pa ola, choncho njira yozungulira ya makilomita awiri ikutengerani mphindi 40. Ikonzeni kuti ithere pafupi ndi malo a tiyi aja munawayesa. Pofika pamenepo nonse mwadziwa kale ngati mukufuna kupitiriza. Ngati zili bwino, "tikhale pansi timwe kanthu?" limakhala funso lopepuka, ndipo mumafika pa tebulo nkhani ili kale pakati. Ngati sizinayende, mumatsanzikana pachipata mwaulemu, palibe amene wataya ndalama.

Powerengera ndalama, makapu awiri si omwe amapweteka, koma ulendo. Patulani kaye yobwerera, muyiike m'thumba lina, kenaka muone ngati yotsalayo ikukwana zakumwa ziwiri ndi kapu imodzi yowonjezera. Malo okumana akhale pakatikati pa nonse awiri, chifukwa mnzanu akakwera kawiri kuti akupezeni pamalo aulere, kwa iye sanali aulere. Ndipo poitana nenani momveka: "Tiyende mphindi 40, kenaka tiyi ndigula ine."