Kuzula mafyuzi kapena kuyeza mamilivoloti: njira iti imagwira chomwe chikuba moto wa batire usiku?

Galimoto ikamazimitsidwa madzulo ili bwinobwino koma m'mawa n'kukana kulira, anthu okhala ndi malitimita, mita yoyezera magetsi, amagawikana pawiri posaka chomwe chikuba moto wa batire. Ena amamasula waya wa batire, kulowetsa mita pakati, kenako n'kumazula mafyuzi imodzi imodzi. Ena safuna kukhudza fyuzi n'komwe, amangoyeza mamilivoloti pamwamba pake ili momwemo. Njira ziwirizi sizimayankha funso limodzi, n'chifukwa chake mkangano wake sutha.

Musanasankhe, tsimikizani kuti batirelo lili ndi moyo. Lodzadza bwino, litapuma maola angapo, limasonyeza pafupifupi 12.6V, ndipo injini ikulira muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ngati silikudzadza kapena lakalamba, mudzafunafuna wakuba yemwe kulibe.

Njira yoyamba imayamba ndi kukonza mita. Waya wakuda ulowe pa COM, wofiira pa bowo lolembedwa 10A, ndipo musankhe maampu a DC. Bowo la mA musayambire pomwepo, chifukwa fyuzi yake ndi yaing'ono ndipo imapsa makompyuta a galimoto akangodzuka. Mumamasula telemino ya negetivi, waya umodzi wa mita n'kugwira pa mutu wa batire, wina pa telemino yomwe mwamasulayo, kuti moto wonse wochoka m'batire udutse m'mita. Odziwa ntchito amalumikiza mita kaye kenako n'kukweza telemino pang'onopang'ono, kuti moto usadukeko ngakhale kamphindi. Izi n'zofunika chifukwa chipangizo chomwe chinakakamira chili choyaka nthawi zina chimazima moto ukaduka, vuto n'kubisala mpaka tsiku lina. Ndipo mita ili pakati choncho musayese kuliza injini, sitata imakoka maampu oposa 100.

Mukatero mudikire. Galimoto za masiku ano sizigona nthawi yomweyo mukazula kiyi. Poyamba mita ikhoza kuonetsa maampu awiri kapena atatu, kenako n'kumatsika m'masitepe, ndipo zina zimatenga mphindi 30 kapena kupitirira kuti zikhazikike. Zikagona, mulingo wabwino umakhala pansi pa 0.05A, ndiye kuti mamiliampu 50. Popeza mufunika kufika pa bokosi la mafyuzi la m'kati, tsegulani chitseko musanayambe, mukankhe loko yake ndi sikuludilaiva mpaka igwire, kuti galimoto iziyesa kuti chatsekedwa. Kiyi ya rimoti muiike kutali.

Mpaka apa njirayi ilibe mnzake, chifukwa ndi yokhayo yomwe ikukuuzani ndi nambala yeniyeni kuti moto ukutuluka wochuluka bwanji. Vuto limayamba pozula mafyuzi. Pa galimoto yakale yopanda makompyuta ambiri, mumazula fyuzi, n'kuyang'ana mita, nambala ikagwa mwapeza dera lake. Pa yatsopano, kubwezera fyuzi kumadzutsa kompyuta yomwe imadyera pamenepo, nayonso imadzutsa zinzake, mita n'kukwera kufika maampu angapo, inu n'kuyambiranso kudikira. Mafyuzi ali 40, tsiku lonse lingathere pamenepo. Amene amaumirira njirayi amazula osabwezera mpaka nambala itagwa, koma ajambuliretu bokosilo ndi foni, apo ayi sadzadziwa kuti iti inali pati.

Njira yachiwiri imadalira kanthu kakang'ono. Fyuzi iliyonse imakaniza moto pang'ono kwambiri, choncho moto ukamadutsamo pamakhala kusiyana kwa mphamvu pakati pa miyendo yake iwiri. Pamwamba pa fyuzi ya pulasitiki ija pali timadontho tiwiri tachitsulo toonekera. Waya wofiira mubwezere pa bowo la mavoloti, musankhe mV ya DC, ndipo nsonga za mita mugunditse pa timadonthoto, imodzi uku ina uku. Ikasonyeza 0.0, palibe moto wooneka womwe ukudutsa. Ikasonyeza nambala yokhazikika, dera limenelo lili maso. Batire simunalimasule, palibe chomwe mwadzutsa, ndipo bokosi lonse mumalimaliza m'mphindi zochepa. Nsongazo zikhale zosongoka ndipo muzikanikiza ndithu, chifukwa zikangotsetsereka nambala imayendayenda n'kukunamizani.

Titenge chitsanzo. Galimoto ili ndi batire la 60Ah, ndipo itagona mita ya pakati ija yaima pa 0.85A. Mwabwezera telemino osadula moto, mwayamba kuyenda pa mafyuzi. Onse akusonyeza 0.0 kapena pafupi pomwepo kupatula fyuzi ya 10A ya wailesi, yomwe ikusonyeza 6.3mV. Fyuzi wamba ya 10A ya kukula kwapakati imakaniza ndi mamiliomu pafupifupi 8, ndiye kuwerengera kwake ndi `I = V / R`: mamilivoloti 6.3 kugawa ndi mamiliomu 8 ikutipatsa pafupifupi 0.8A. Nambalayi ikugwirizana ndi ya poyamba ija, kutsala kochepa komwe ndi kwa wotchi ndi alamu. Tsopano ndi pomwe mungazule fyuzi imodzi yokhayo kuti mutsimikize. Mukatulutsa wailesi, nthawi zambiri mumapeza kuti woiikayo anamanga pamodzi waya wofiira, womwe umayenera kulandira moto kiyi ikatembenuzidwa, ndi wachikasu wa moto wosazima. Wailesi imaoneka yakuda kunja koma m'kati ikudya.

Koma taonani masamu ake. Moto wa 0.85A pa maola 12 ndi pafupifupi 10Ah basi. Batire labwino la 60Ah siliyenera kugonja ndi zimenezi usiku umodzi, lingalimbe masiku awiri kapena atatu. Ngati likufa pofika m'mawa, ndiye kuti kuphwa kobwerezabwereza kwalifooketsa kale, ndipo mukakonza wayayo muliyezetsenso. Chomwe chingaphe batire labwino usiku umodzi chimakoka maampu atatu kupita m'tsogolo.

Nayo njira ya mamilivoloti ili ndi pomwe imalephera. Fyuzi ikakhala yaikulu imakaniza pang'ono zedi: ya 30A ili ndi mamiliomu pafupifupi awiri, choncho mamiliampu 50 amangobweretsa 0.1mV, pomwe mita yotchipa imathera kuona. Mafyuzi aakulu a m'bokosi la pansi pa boneti ena alibe timadontho toyezerapo. Komanso sizonse zimadutsa m'bokosi. Ampulifaya kapena chipangizo cholondolera galimoto chomwe anachimangirira pa batire penipeni chili ndi fyuzi yakeyake pa waya, ndipo muyenera kuitsata ndi maso. Alitaneta yomwe dayodi yake yaonongeka imabweza moto injini ili chete, ndipo mafyuzi aang'ono onse amasonyeza 0.0 pomwe mita ya pakati ikuti maampu akutuluka. Zikatero masulani negetivi kaye, muchotse waya wonenepa wa kumbuyo kwa alitaneta, muukulunge kuti usakhudze chitsulo, kenako muyezenso.

Pali ena amakonda mita ya chopanira yomwe imangoluma waya. Ndi yabwino poona msanga ngati pali maampu akutuluka, bola ikhale yoyeza DC, poti zambiri zimayeza AC yokha. Pa mamiliampu ochepa ziro yake imasuntha mukangoitembenuza, ndiye sindingaidalire posiyanitsa 30 ndi 80.

Kwa ine, galimoto ikakhala yakale yopanda makompyuta ambiri, kuzula mafyuzi n'kokwanira ndipo n'kosavuta kumva. Ikakhala ya makompyuta ambiri, mita ya pakati igwire ntchito yongokuuzani kuchuluka kwa moto, kusaka kuchitike ndi mamilivoloti. Ngati njira zonse ziwiri zikusonyeza kuti zili bwino koma batire likuphwabe, ndiye kuti chipangizocho chimadzuka mwa apo ndi apo. Siyani mita ya pakati pa 10A usiku wonse, galimoto ikagona muyatse MIN/MAX, mutaonetsetsa kuti mitayo sizizimitsa yokha, ndipo m'mawa muwerenge nambala yapamwamba yomwe yasunga.