Kalata yopempha oda ya chakudya: kusukulu kapena kugesitihausi?

Kalata imodzi singagwire konse kuwiri. Kusukulu yogonera, ahedi amafuna mtengo wa mbale imodzi pa mwana: nsima ya nyemba masiku angati, usipa kapena nyama liti. Lembaninso tsiku lolandira ndalama, chifukwa fizi imabwera mwapang'onopang'ono, ndipo mutha kuphika mwezi wonse ndi ndalama zanu. Onjezani kuti mtengo udzaunikidwanso teremu iliyonse, popeza chimanga chogula mu Meyi sichifanana mtengo ndi cha mu Febuluwale.

Kugesitihausi alendo amasinthasintha, choncho pemphani eni ake kuti azikuuzani chiwerengero cha alendo madzulo, ndipo azilipira mbale zonse zomwe aitanitsa ngakhale alendo asadye.

Ngati mpamba wanu ndi wochepa, ine ndingayambe ndi gesitihausi, n'kupempha kuti azilipira sabata iliyonse.