Thupi, mutu kapena mabatani: chimene chimaulula dzina la gitala ndi chiti?

Gitala ikaoneka pa chithunzi dzina lake litafufutika, kapena dzinalo likakhala lokayikitsa, oimba amagawanika patatu. Ena amati yang'anani thupi, ena amati chilichonse chili pa mutu pamene pamakhala makiyi ochunira nsambo, pomwe ena amathamangira kuwerenga mabatani ndi mapikapu, tizipangizo ta pansi pa nsambo totola kulira kwa nsambozo. Njira zitatuzi sizilemera mofanana, ndipo iliyonse imayankha funso lake. Ndiziyesa pa magitala a magetsi a mitundu iwiri imene yakopedwa kwambiri padziko, Stratocaster ya Fender ndi Les Paul ya Gibson.

Thupi ndilo limaonekera patali, nchifukwa chake ambiri amayambira pamenepo. Stratocaster, imene inatuluka mu 1954, ili ndi nyanga ziwiri, yakumwamba yotalikirapo, ndipo thabwa lake analisema mopendekera pamene pamatsamira mkono ndi kumbuyo kumene kumagunda mimba. Les Paul, ya mu 1952, inadulidwa mbali imodzi yokha ya m'munsi, ndi yochindikala, ndipo nkhope yake ndi yotumphuka pakati. Ziwirizi palibe amene angazisokoneze. Vuto ndi loti thupi limangokuuzani mtundu, osati amene anapanga. Mu 2009, bungwe loona za zizindikiro za malonda ku America linakana pempho la Fender loti maonekedwe a thupi la Stratocaster, Telecaster ndi Precision Bass alembetsedwe ngati chizindikiro chake, ponena kuti makampani ambirimbiri akhala akuwagwiritsa ntchito kwa zaka zochuluka. Choncho mukaona nyanga ziwiri zija mwangofika pakhomo chabe. Ikhoza kukhala Fender, ikhoza kukhala Squier, dzina limene Fender inayamba kulemba pa magitala otsikirapo mtengo mu 1982, ikhozanso kukhala ya fakitale ina iliyonse. Pa njira zitatuzi, ine thupi ndimaliika kumapeto.

Mutu ndi nkhani ina, chifukwa ndi pamene makampani amachitirapo nsanje. Mu 1977, kampani imene inali mwini wa Gibson inasumira ogulitsa magitala a Ibanez ku America, ndipo mkangano wake unali pa kadulidwe ka mutu. Opanga odziwika amene amatengera thupi la wina amasamala kwambiri pamenepa: amasintha mzere wa mutu kuti usafanane ndi wa eni ake. Ndiye mutu uyenera kuwerengedwa modekha.

Yambani ndi kakhalidwe ka makiyi. Fender imandandalika onse 6 mbali imodzi, ndipo mutu wake ndi wosapendekeka, umangotsika pang'ono n'kuyenda molunjika ndi khosi. Nchifukwa chake pamakhala kachitsulo kakang'ono kopanikizira nsambo zing'onozing'ono pansi. Gibson imaika makiyi atatu uku atatu uku, ndipo mutu umagwera kumbuyo, kawirikawiri madigiri 17. Kampani ya Music Man imaika anayi mbali ina, awiri mbali ina, moti simungaiphonye. Kenako yang'anani nsonga. Ya Stratocaster imathera pa chibulunga chozungulira chokhala ndi kangowe m'munsi mwake, ya Telecaster ndi yowonda, ya Ibanez RG ndi yosongoka. Ya Gibson ili ndi timapiri tiwiri tokumana pa kampata pakati, zimene oimba amati buku lotsegula. Epiphone, imene inagulidwa ndi eni a Gibson mu 1957 ndipo imapanga Les Paul mololedwa, kwa zaka zambiri inali ndi mutu wotalikirapo wa makona odulidwa, ngakhale kuti m'zaka zaposachedwapa magitala ake ena okwera mtengo ayamba kutuluka ndi mutu wa Gibson weniweni.

Mutu umathanso kutchula nyengo. Kampani ya CBS itagula Fender mu 1965, mutu wa Stratocaster unakula chakumapeto kwa chaka chomwecho, ndipo unakhala wotero mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Komabe mutu waukulu paokha si umboni wa ukale, poti Fender ndi Squier akupangabe magitala ena atsopano a mutu woterowo.

Kufooka kwa njira ya mutu kuli pa malo amene ambiri sayang'anako, pamene khosi limakumana ndi thupi. Khosi la Fender limamangidwa ndi masikuluu. Munthu akhoza kulichotsa pa mphindi zochepa n'kuikapo lina, ndipo dzina la pamutu ndi kapepala kopyapyala komata kamene wina angamatenso pa khosi lililonse. Pa gitala yotere, mutu umachitira umboni khosi lokha, za thupi sukuzidziwa. Khosi la Les Paul ya Gibson limalowetsedwa m'thupi ndi guluu, kotero mutu ndi thupi zinachokera limodzi ku fakitale. Apa mutu ndimaukhulupirira kwambiri, bola ndiuone mbali zonse ziwiri. Kutsogolo kuli kachivindikiro kooneka ngati belu kamene kamabisa chitsulo chowongolera khosi. Pa Gibson kamamangidwa ndi masikuluu awiri, pa Epiphone zambiri ndi pa magitala ambiri achinyengo atatu. Kumbuyo, pa magitala ambiri a Gibson nambala imadindidwa kulowa m'thabwa, pamodzi ndi mawu akuti MADE IN USA amene anayamba kuikidwa mu 1970. Pa manambala a madijiti 8 amene anayamba mu 1977, dijiti yoyamba ndi yachisanu zimapanga chaka, zitatu zapakati pake ndi tsiku la chaka. Nambala imene ikuyamba ndi 82765 ndiye kuti ndi ya tsiku la 276 m'chaka cha 1985. Zitatu zapakatizo zikapitirira 366, nambalayo muikayikire.

Mabatani, swichi ndi mapikapu ndiwo amasiyanitsa magitala a kampani imodzi, komanso amagwira magitala ofanana thupi. Stratocaster yachizolowezi ili ndi mapikapu atatu owonda, yakufupi ndi buliji, chitsulo chimene nsambo zimatsamirapo pa thupi, itapendekeka, mabatani atatu opotokola, limodzi la voliyumu awiri a toni, swichi yokankha, ndi bowo la chingwe limene lili pankhope m'kachitsulo kopendekeka. Ikani pambali pake Yamaha Pacifica 112. Patali mungati ndi imodzi, koma ili ndi mabatani awiri okha, pikapu ya pa buliji ndi hambaka yotambalala ya makoyilo awiri, nyanga zake ndi zowondako, ndipo chingwe chimalowera m'mphepete mwa thupi. Bowo la chingwelo ndi mboni yabwino kuposa mapikapu, chifukwa linabooledwa m'thabwa ndipo silisuntha.

Ku banja la Les Paul, Standard ili ndi mapikapu awiri, mabatani anayi, ndi swichi ya malo atatu imene inakhala payokha paphewa lakumwamba. Junior ili ndi pikapu imodzi, mabatani awiri, nkhope yafulati, ndi timadontho pakhosi. Standard ndi Custom zili ndi mabatani ofanana, choncho pamafunika kuona zokongoletsa. Standard ili ndi zizindikiro za pakhosi za mbali zopendekeka, Custom ili ndi za makona anayi oongoka ndi chithunzi cha dayamondi yogawika pamutu. Studio, ya mu 1983, imadziwika ndi kusowa kwa kamzere koyera kozungulira m'mphepete mwa thupi. Onaninso mizati iwiri yonyamula buliji. Pa Gibson mumakweza buliji potembenuza timawilo ndi zala, pomwe pa Epiphone zambiri ndi pa zachinyengo mizatiyo ndi yonenepa, ya mutu wong'ambika wolowetsapo sikuludilaiva.

Choipa chake n'choti zamagetsi ndizo zimasinthidwa kwambiri pa gitala. Pa Stratocaster mapikapu, mabatani ndi swichi zonse zimakhala pa chipulasitiki chimodzi cha pankhope, ndipo chimachoka chonse pamodzi. Zimene mukuwerenga zikhoza kukhala zimene mwini wake wachitatu anakonda.

Tiyerekeze kuti wina akukuonetsani gitala n'kunena kuti ndi Stratocaster ya 1974. Thupi likuvomera, nyanga ziwiri ndi mapikapu atatu. Mutu ndi waukulu ndipo palembedwa Fender, zimene zikugwirizana ndi chakacho. Ambiri amaimira pomwepa. Koma kuyambira cha mu 1971 mpaka kumapeto kwa zaka khumi zimenezo, Stratocaster inkatuluka ndi zinthu ziwiri zoonekeratu. Pamutu, pamwamba pa nsonga ya khosi, pankatuluka kachitsulo konyezimira kooneka ngati chipolopolo, kowongolera khosi. Kumbuyo, khosi linkamangidwa ndi masikuluu atatu pa mbale ya chitsulo ya makona atatu, osati anayi. Mukatembenuza gitala ija n'kupeza masikuluu anayi, ndipo pamutu pali bowo chabe popanda chipolopolo, nkhani ya 1974 yayamba kugwedezeka. Funani nambala. Mu 1974 inkadindidwa pa mbale ya kumbuyo ija, ndipo inasamukira pamutu cha mu 1976. Ikapezeka pamutu, chaka chalakwika. Kankhani swichi muwerenge malo amene ikuima. Ya malo asanu inayamba kubwera kuchokera ku fakitale mu 1977, ya 1974 inali ya malo atatu. Koma umboni umenewu ndi wopepuka, chifukwa oimba ambiri anasintha okha swichi zawo zakale. Masikuluu a chipulasitiki cha pankhope ayenera kukhala 11. Akakhala 8 ndi kapangidwe ka zaka za m'ma 1950 kapena ka magitala ena otsika mtengo.

Pomaliza tengani lula muyeze kuchindikala kwa thupi m'mphepete, pamalo osasemedwa. Thupi la Fender limakhala pafupifupi mamilimita 45. Magitala ambiri akale a Squier Affinity ali ndi thupi la pafupifupi mamilimita 40, ndipo ambiri a iwo alinso ndi mutu waukulu ndi masikuluu anayi kumbuyo. Mukapeza 40, zonse zimene mwaona zikuloza kumodzi: ndi Squier imene wina anapala dzina n'kumata lina. Mukapendeketsa mutuwo pa kuwala, nthawi zambiri mudzaona m'mphepete mwa kapepala katsopanoko, kapena malo amene vanishi yake ikusiyana mtundu ndi ya khosi lonse. Onani kuti apa thupi, limene ndinaliika kumapeto, ndilo lagamula mlandu, koma lagamula litayezedwa ndi lula, osati poliyang'ana patali.

Muyeso wina wothandiza ngati mwapatsidwa khosi lokayikitsa ndi kutalika kwa nsambo. Yezani kuchokera pa kafupa ka kumutu kamene nsambo zimadutsapo kufika pa fureti ya nambala 12 mwa tizitsulo topingasa pakhosi, muwirikize kawiri. Stratocaster ndi Telecaster zimapereka mamilimita 648, Les Paul pafupifupi 628. Les Paul yolembedwa Gibson imene ikupereka 648, kapena imene ili ndi mbale ya masikuluu kumbuyo kwa khosi, musavutike n'kuwerenga mabatani ake.