Kuyeza mimba: mkodzo kapena magazi?

Kachipangizo koyezera mkodzo kamangoyankha kuti mimba ilipo kapena palibe, ndipo nthawi zambiri kamaona hCG, homoni yomwe thupi limapanga mimba ikakhala, ikafika pa 25 mIU/mL. N'kotchipa, koma mukafulumira kuyeza kangayankhe kuti palibe pomwe mimba ilipo.

Magazi amapereka nambala ya kuchuluka kwa hCG, ndipo nambalayo imalankhula bwino akayezanso patatha maola 48. M'masabata oyambirira hCG imawirikiza kawiri pa masiku awiri kapena atatu. Lolemba ikakhala 200, Lachitatu n'kufika 380, zikuyenda. Ikangofika 220 kapena kutsika, dokotala amakayikira kuti mimba ikuchoka kapena yakhala kunja kwa chiberekero, choncho amafuna sikani. Kuwirikizaku kumachepa pang'onopang'ono, ndipo cha m'sabata la 10 hCG imayamba kutsika yokha mimba ili bwinobwino.