Kiti ya pariti: m'thumba munali CD4070 pomwe pepala ndi la 74HC86

Mukagula kiti imeneyi ya seketi ya pariti, yoyang'ana ngati mabiti otumizidwa afika bwino, musanabaye waya ngakhale mmodzi werengani kaye zomwe zalembedwa pamsana pa matchipi. Pa thumba alemba kuti muli 74HC86 awiri, ndipo pepala la malangizo lajambulidwa potsata 74HC86, koma m'thumba langa munali CD4070 awiri. Pa mtengo womwe uja, umene ena ankadandaula kale kuti wakwera. Nditabwerera nazo, mnyamata wa pa kauntala sanazitembenuze n'komwe. Anangoti, “Achimwene, zonsezo ndi XOR, ndi chimodzimodzi.” Mawu amenewo ndi omwe andilembetsa ndemanga ino, chifukwa ndi oona theka lokha, ndipo theka linalo lingamudyere wophunzira masana onse.

Zoona zake ndi zoti tchipi chilichonse mwa ziwirizi chili ndi mageti a XOR anayi, miyendo 14, GND pa mwendo 7 ndi magetsi pa mwendo 14. Geti yoyamba ndi yachinayi zimakhalanso malo amodzimodzi: zolowa pa 1 ndi 2 zimatulukira pa 3, zolowa pa 12 ndi 13 zimatulukira pa 11. Kusiyana kuli pa mageti awiri apakati. Pa 74HC86, miyendo 4 ndi 5 ndi yolowera ndipo 6 ndi wotulukira, kenako 9 ndi 10 ndi yolowera ndipo 8 ndi wotulukira. Pa CD4070, yolowera ndi 5 ndi 6, wotulukira ndi 4, kenako yolowera ndi 8 ndi 9, wotulukira ndi 10. Ndiye miyendo inayi, 4, 6, 8 ndi 10, imagwira ntchito yosiyana kotheratu.

Seketi yomwe pepala likufuna ndi yolondola, pamenepo sindingawanamizire. Geti ya XOR imatulutsa 1 pamene zolowa zake ziwiri zasiyana, choncho mukalumikiza mageti angapo amakhala ngati akuwerenga ngati ma 1 onse akugawika pawiri kapena pakutsala mmodzi. Pa mabiti anayi A, B, C ndi D mumafunika mageti atatu:

```
X = A xor B
Y = C xor D
P = X xor Y
```

P ameneyu ndi biti ya pariti ya iveni, kutanthauza kuti mukamuphatikiza pa mabiti anayi aja, ma 1 onse amakhala ogawika pawiri. Pa 74HC86 mumaika A pa 1, B pa 2, C pa 4, D pa 5, kenako waya kuchoka pa 3 kupita pa 9, wina kuchoka pa 6 kupita pa 10. Yankho limatuluka pa 8. Geti yachinayi yotsala ija ndiyo yosankhira mtundu wa pariti. Mwendo 8 umapita pa 12, ndipo pa 13 pamakhala swichi. Ikakhala pa GND, mwendo 11 umangobwereza zomwe zili pa 8. Ikakhala pa mavolti 5, geti imatembenuza yankho, ndiye pa 11 pamatuluka pariti ya odi, yomwe imasiya ma 1 osagawika pawiri.

Tsono mawaya omwewo aikeni pa CD4070 muone zomwe zimachitika. Mwendo 8 ndi wolowera, mwendo 12 nawonso ndi wolowera, ndiye mwamangiriza miyendo iwiri yolowera popanda chilichonse choipatsa magetsi. Imangolendewera. Pa matchipi a CMOS mwendo wolendewera umatola chilichonse chomwe chili pafupi, moti kababu ka LED ka pa mwendo 11 kamayaka ndi kuzima mukangoyandikiza chala, koma mukasintha maswichi a A, B, C ndi D sikamvera. Munthu amayamba kukayikira buledibodi, kenako mawaya, kenako mutu wake. Choipa china n'chakuti swichi ya C imakhala italumikizidwa ku mwendo 4, womwe pa tchipi chimenechi ndi wotulukira. Swichi ikakankhira mavolti 5 pamene geti ikufuna kutulutsa 0, ziwirizi zimalimbana. Mwayi wake CD4070 pa mavolti 5 ndi yofooka, mphamvu yomwe imadutsa ndi yochepa, choncho matchipi anga sanapse. Koma si chinthu chosiya choyaka usiku wonse.

Pali njira yachidule yodziwira vutoli ndi malitimita ngati zilembo za pamsana zafufutika. Tsegulani swichi ya C, ikani waya wofiira pa mwendo 4, kenako muzisintha swichi ya D yokha. Pa 74HC86 mwendo 4 umakhala phee pa 0, chifukwa rezisita yake ikuukokera pansi. Mukaona mavolti a pa 4 akudumpha pamene C simunamukhudze, mwendowo ndi wotulukira, ndipo tchipi chanucho si chomwe chili pa pepala. Izi wogulitsa akanatha kuziyesa m'mphindi ziwiri. Malitimita anali nayo pa shelefu kumbuyo kwake, akuigulitsanso.

Ngati mwakhala kale ndi CD4070, musataye. Sunthani mawaya motere: A pa 1, B pa 2, C pa 5, D pa 6, waya kuchoka pa 3 kupita pa 8, wina kuchoka pa 4 kupita pa 9. Pariti ya iveni imatuluka pa 10, ndipo 10 ndiye amapita pa 12. Swichi yosankhira imakhalabe pa 13, yankho pa 11. Ndinayesa mitundu yonse 16 ya mabiti, kuyambira 0000 mpaka 1111, ndipo yonse inatuluka bwino. Apa mkwiyo wanga unatsikako, chifukwa matchipiwo ndi abwinobwino, mageti onse asanu ndi atatu amagwira. Buledibodi nayonso imagwira miyendo molimba, ndipo maswichi salumphalumpha.

Tchipi chachiwiri ndi tcheka, choyang'ana ngati uthenga wafika bwino. Chimalandira mabiti asanu, anayi aja ndi P, ndiye chimadya mageti onse anayi. Atatu oyamba amalumikizidwa monga pa jenereta, tchipi choyamba chija chopanga P, kenako yankho lawo limalowa pa 12, P wolandiridwa amalowa pa 13, ndipo pa 11 pamatuluka E.

```
E = A xor B xor C xor D xor P
```

Titenge 1011. A ndi B asiyana, X ndi 1. C ndi D afanana, Y ndi 0. Ndiye P wa iveni ndi 1, ndipo chotumizidwa ndi 10111, ma 1 anayi. Tcheka ikalandira zomwezo, E ndi 0 ndipo kababu sikayaka. Tsopano zulani waya wa B kumbali ya tcheka n'kumubaya pa mavolti 5, ngati kuti biti yasokonekera m'njira. Tcheka ikuona 11111, ma 1 asanu, E ndi 1, kababu kayaka. Bwerezani koma musinthe B ndi C onse awiri: tcheka ikuona 11011, ma 1 abwerera pa anayi, ndipo kababu kazima ngati palibe cholakwika. Kumeneku si kuwonongeka kwa kiti. Pariti ya biti imodzi imagwira pokhapokha mabiti osokonekera akhale amodzi, atatu kapena asanu, ndipo siikuuzani kuti wasokonekera ndi uti. Pepala la malangizo silinenapo kanthu pa zimenezi, chonsecho ndiye phunziro lenileni la seketi yonseyi.

Pa odi ndi pomwe kiti imaperewera, ngakhale akanaika matchipi oyenera. Mukasintha swichi ya pa 13 ya jenereta, 1011 amatumizidwa ngati 10110, ma 1 atatu. Uthengawu ndi wabwino, koma E amatuluka 1, ndiye kababu ka cholakwika kamayaka pa uthenga wabwino n'kuzima pa woipa. Kuti kababu kamasulire mofanana pa mitundu yonse iwiri pamafunika geti ina yotembenuza E, yolamulidwa ndi swichi yomwe ija. Werengani: jenereta yatenga anayi, tcheka yatenga anayi, yotembenuza ikhala yachisanu ndi chinayi. Matchipi awiri ali ndi mageti asanu ndi atatu basi. Pa thumba alemba kuti iveni ndi odi zonse zilimo, koma tchipi chachitatu mugule nokha. Ngati simukufuna kugula, ikani kababu kachiwiri ndi rezisita yake kuchoka pa mavolti 5 kupita pa mwendo 11 wa tcheka, mwendo wake wautali ulozere ku mavolti 5. Kameneka kamayaka E akakhala 0, ndiye pa odi muziyang'ana kameneka, pa iveni koyamba kaja.

Marezisita alimo okwanira. A 10k ndi okokera maswichi ku GND, ndipo amagwira bwino pa 74HC86 ndi pa CD4070 pomwe. Koma wina akadzakupatsani 74LS86, yomwe miyendo yake ndi yofanana ndi ya 74HC86, marezisita amenewa satsitsa mwendo kufika pansi pa mavolti 0.8, moti 0 amawerengedwa ngati 1. Pamenepo rezisita ipite ku mavolti 5, swichi ipite ku GND. A 330 ndi a timababu, ndipo anawasankha poganizira 74HC86. Pa CD4070 kababu ka pa waya wa P kamakoka mphamvu yochuluka kuposa yomwe geti ingapereke mosavutika, ndipo mavolti a pa wayayo angathe kutsika pansi pa 3.5, mlingo umene tcheka imafuna kuti itsimikize kuti ndi 1. Mwina igwira lero, mawa ayi. Ikani rezisita ya 1k kapena yoposerapo pamenepo, kababu kaziyaka mwa mdima pang'ono koma P azifika wathunthu. Pa E vutoli kulibe, popeza palibe geti ina yomwe ikumudikira.

Makapasita a 100nF, oika pakati pa mwendo 14 ndi 7 pafupi ndi tchipi chilichonse, munalibe. Pa maswichi a pamanja seketi imagwirabe, koma ndi zinthu zotchipa moti kuzisiya ndi umbombo chabe. Magetsi ndinatenga pa tchaja ya foni ya mavolti 5. Batire la mavolti 9 CD4070 imalilandira, koma 74HC86 malire ake ndi mavolti 6, choncho amene thumba lake lili ndi matchipi oyenera asayerekeze.

Ndikuipatsa nyenyezi zitatu. Ndinayamba ndikufuna kupereka imodzi, koma zipangizo zake ndi zolimba, ndipo mawaya akasunthidwa seketi imachita zonse zomwe iyenera kuchita pa iveni. Ziwiri zomwe ndachotsa, imodzi ndi ya geti yoperewera ija, inayo ndi ya pa kauntala. Ndinawapempha kuti angolembako miyendo ya CD4070 ndi bolopeni pa mapepala a matumba otsala, ntchito ya mizere itatu. Anandiyankha kuti abwana kulibe.